Milomo, M'munsi mwa Maso ndi Khosi: Kabuku ka Pabanja

Ambiri tikamasamba m'mawa timatsuka nkhope ndi m'khwapa, n'kudzola mafuta m'manja ndi m'miyendo kuti tisatuwe pagulu. Milomo timaikumbukira ikasweka, m'munsi mwa maso pakatupa, khosi likada. Tikatero timathamangira chinkhupule, mandimu, soda kapena mafuta ogula pamsika, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimangowonjezera vutolo.

Khungu la malo atatuwa ndi lopyapyala kuposa la pamsana kapena la m'manja, choncho silifuna kukhulidwa. Komanso pamalo amenewa m'pamene matenda ena a m'kati mwa thupi amayambira kuonekera. Kabuku kano kakufotokoza kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku, ndiponso mmene mungasiyanitsire kuuma wamba kapena litsiro ndi matenda ofuna chipatala.

Milomo

Khungu la thupi lonse limatulutsa mafuta akeake ndi thukuta, koma la milomo lilibe chitetezo chimenechi. N'chifukwa chake kukazizira mu Juni ndi Julayi, kapena mphepo ya fumbi ikayamba mu Ogasiti, milomo ndiyo imayamba kuuma. Ikauma, munthu amainyambita. Malovu amanyowetsa kwa kanthawi kochepa, kenaka amauma pamodzi ndi chinyezi chomwe chinalipo, ndiponso ali ndi mphamvu yoyamba kugaya chakudya, yomwe imapweteka khungu losalimbali. Mwana wonyambita milomo mudzamudziwa ndi mzere wakuda kapena wofiira wozungulira pakamwa, pomwe lilime limafika.

Mankhwala ake ndi Vaselini wamba, wopanda fungo. Vaselini sapatsa khungu madzi, ntchito yake ndi kutsekera madzi omwe alipo kale. Choncho nyowetsani kaye milomo ndi madzi oyera, ipukuteni pang'ono, kenaka dzolani kadontho kochepa ngati njere ya mpunga. Chitani zimenezi mukatha kusamba, mukatha kudya, ndiponso pogona. Kudzola kwa pogonaku ndiko kothandiza kwambiri, makamaka kwa amene amagona kukamwa kuli yasa chifukwa cha mphuno zotsekeka. Milomo yongouma ndi nyengo imachira pasanathe masabata awiri.

Tizikopa tosendeka musamatizule ndi mano kapena zikhadabo, chifukwa timachoka ndi khungu lamoyo n'kusiya bala. Ikani kansalu konyowa ndi madzi ofunda pamilomo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, tofewa tichoka tokha. Mafuta a milomo ozizira kapena onyerenyetsa, aja onunkhira ngati mankhwala a chimfine, amakoma podzola koma ambiri amaumitsa milomo. Ngati mukudzola kakhumi patsiku osasintha, wolakwa akhoza kukhala mafutawo.

Si kusweka konse komwe kumatha ndi Vaselini. Ming'alu ya m'ngodya za pakamwa, yomwe imang'ambika munthu akayasamula, imabwera malovu akamakhazikika pamenepo n'kulola tizilombo kumera. Imakonda agogo amene mano adatha, ana oyamwa chala, odwala shuga, amene chitetezo cha m'thupi chatsika, ndi amene akuperewera magazi kapena mavitamini a gulu la B. Ikatha sabata osapola, kapena ngati m'kamwa mulinso zoyera ngati mkaka wowundana, pitani kuchipatala. Kumeneko amapereka mafuta opha tizilomboto ndipo amatha kuyeza magazi.

Palinso matuza ang'onoang'ono otuluka pamlomo munthu akadwala malungo, chimfine kapena akapsa ndi dzuwa. Amayamba ndi kunyerenyetsa, kenaka amaphulika n'kuchita nkhanambo, ndipo amapola okha pa masiku 7 mpaka 10. Amenewa ndi opatsirana. Amene ali nawo asabwerekane kapu, sipuni kapena botolo la mafuta, ndipo asapsompsone khanda ngakhale pang'ono, pakuti kachilombo kameneka kangathe kupha mwana wongobadwa kumene.

Mlomo wam'munsi umalandira dzuwa kwambiri kuposa wam'mwamba. Kwa anthu achialubino izi n'zoopsa, chifukwa pamenepa ndi pakhosi ndi pamakutu ndi pomwe khansa ya pakhungu imakonda kuyambira. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa apo azifika pamlomo ndi kumbuyo kwa khosi, adzoledwenso pakatha maola awiri ngati munthu ali panja, ndipo chipewa chikhale cha khonde lalikulu. Vaselini sateteza ku dzuwa. Kwa munthu aliyense, makamaka wosuta fodya, chilonda cha pamlomo chomwe chatha masabata atatu osapola chikaonedwe kuchipatala ngakhale chisakupweteka.

M'munsi mwa maso

Khungu la zikope ndi lozungulira maso ndilo lopyapyala kwambiri m'thupi lonse. Kasamalidwe kake n'kochepa: kusamba ndi madzi oyera, sopo wosambira wofatsa, kupukuta mongogunditsa nsalu osati kukwecha, ndiponso kudzola pang'ono kwambiri pafupa la m'munsi mwa diso ngati pauma. Sopo wochapira zovala asafike pamenepa. Amene amadzola zodzikongoletsera m'maso azichotse asanagone ndi kansalu kofewa kopaka Vaselini pang'ono, ndipo pensulo ya m'maso si yobwerekana.

Kuda kwa m'munsi mwa maso kuli ndi magwero angapo, ndipo ndi bwino kudziwa lanu musanawononge ndalama. Imani pagalasi nkhope itayang'ana kowala, mukweze chibwano pang'ono. Ngati kudako kwazimirira, unali mthunzi chabe wa kulowa kwa maso, komwe kumabwera ndi ukalamba, kuwonda kapena kusagona. Ngati kulipobe, ndi mtundu wa khungu lenilenilo. Kwa ambiri n'zakumtundu: mukayang'ana amayi anu ndi azakhali anu mupeza zomwezo, ndipo palibe mafuta a pamsika amene angasinthe zimenezo.

Gwero lomwe banja lingathe kulichitapo kanthu ndi kutikita maso. Khungu lakuda likapwetekedwa mobwerezabwereza limayankha ndi kuda kwambiri. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, fumbi la m'chilimwe ndi mungu wa maluwa zimayabwitsa maso, munthu n'kumatikita tsiku lonse. Ana ena, makamaka anyamata, amayabwidwa maso chaka ndi chaka mpaka koyera kwa diso kumasanduka kodera. Mwana wotere kumukalipira kuti aleke kutikita sikuthandiza. Musambitseni m'maso ndi madzi oyera ozizira akachoka kosewera, muikeni kansalu kozizira pamaso kwa mphindi 10, ndipo mupite naye kuchipatala cha maso kuti akalandire mankhwala odontheza oyenera. Mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a masamba kapena shuga zisalowe m'diso. Anthu ena adachita khungu ndi zimenezi.

Kutupa pang'ono podzuka, pambuyo pa kulira, kugona mochedwa kapena kudya ndiwo zamchere wambiri, kumaphwa kokha dzuwa likamakwera. Kansalu kozizira ndi pilo wokwerako pang'ono n'zokwanira. Koma kutupa kwa m'maso kwa mwana komwe kukubwera m'mawa uliwonse, makamaka ngati mapazi atupanso kapena mkodzo wachepa, wachita thovu kapena wada ngati tiyi, kungakhale vuto la impso kapena kunyentchera. Mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja, mutu ukuwawa, maso akuchita chidima, asadikire tsiku la sikelo. Apite tsiku lomwelo akayezedwe kuthamanga kwa magazi. Ndipo mukakhala pagalasipo, tsitsani chikope cham'munsi ndi chala choyera. M'kati mwake muzikhala mofiira bwino. Ngati ndi motuwa, mwina magazi achepa.

Za mafuta oyeretsa khungu

Apa tinenepo mosabisa, chifukwa ambiri amene amayamba mafutawa sanali ndi cholinga choyera thupi lonse. Amangofuna kuchotsa kuda kwa m'maso kapena kwa pakhosi. Timachubu tambiri togulitsidwa pamsika tili ndi mankhwala amphamvu a gulu la siteroyidi, monga kulobetaso ndi betametazoni, omwe adokotala amalembera matenda ena apakhungu kwa masiku owerengeka. Masabata oyamba khungu limawaladi. Pakapita miyezi limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimabuka, chipere chimafalikira, ndipo pakhosi ndi m'khwapa pamachita mizere yosafafanizika. Akadzoledwa pafupi ndi maso kwa nthawi yaitali angathe kuyambitsa ng'ala kapena kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuwononga kuona. Ena ali ndi hayidrokwinoni, yemwe akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amasiya mawanga akuda bii pamasaya ndi pambali pa maso, ovuta kwambiri kuchotsa. Amene wadzola kwa miyezi yambiri akasiya mwadzidzidzi nkhope imayabwa ndi kutentha, n'chifukwa chake ambiri amabwererako. Wotere akafotokoze kuchipatala, atanyamula kachubuko, kuti amuthandize kusiya pang'onopang'ono.

Khosi

Khosi lizisambitsidwa tsiku lililonse, kutsogolo, m'mbali, kumbuyo ndi kuseri kwa makutu, ndi dzanja kapena kansalu kofewa. Tsukuluzani sopo yense, chifukwa wotsalira m'makwinya amayabwitsa, kenaka pukutani mpaka kuuma. M'nyengo yozizira mafuta omwe mwadzola kumaso atsike mpaka pakhosi. Mu Okutobala ndi Novembala chepetsani, pakuti Vaselini wambiri pakhosi la thukuta amatseka timabowo ta khungu n'kubweretsa totupa toyabwa. Kwa khanda lonenepa, m'makwinya a khosi mumabisala mkaka ndi malovu. Tambasulani makwinyawo posambitsa, muumitse bwino, ndipo musathiremo paudala wambiri, amaundana n'kusunga chinyontho.

Kuyabwa komwe kwatsata ndendende pomwe pamadutsa tcheni chapakhosi kumachokera ku chitsulo chake. Vulani kwa masabata awiri muone. Perefyumu apoperedwe pachovala, osati pakhosi lomwe likupita padzuwa, chifukwa ena amasiya mawanga. Abambo amene amatuluka totupa pansi pa chibwano ndi kumbuyo kwa khosi akameta, auze wometa kuti asapale mpaka pakhungu. Tsitsi lopotana likadulidwa kwambiri limakula molowa m'khungu, ndipo kumbuyo kwa khosi totupato tingasanduke zipsera zolimba zosameranso tsitsi.

Khosi lakuda: litsiro kapena matenda?

Mwana wa khosi lakuda amatchedwa wauve, mkazi amanenedwa kuti sadziwa kusamba. Kawirikawiri mlandu umenewu ndi wabodza. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani kansalu ka madzi ofunda ndi sopo pakhosi kwa mphindi zisanu, kenaka pukutani mofatsa. Chitani zimenezi masiku atatu. Litsiro limatsalira pansalu ndipo khosi limasintha. Chomwe sichinachoke si litsiro, ndipo chinkhupule, mwala, mandimu kapena soda zingochidetsa kwambiri.

Titenge chitsanzo cha amayi awiri a banja limodzi, onse a khosi lakuda.

Woyamba ali ndi zaka 38, amagulitsa mandasi m'tauni, ndipo wanenepa ndithu pa zaka zitatu zapitazi. Kuda kwake kuli kumbuyo ndi m'mbali mwa khosi, m'makwinya. Mukakhudza, khungulo ndi lokhuthala koma lofewa ngati nsalu ya veleveti. Silipweteka, silisendeka. M'khwapa ndi m'mphechepeche mulinso chimodzimodzi, malo omwe dzuwa silifika. Pakhosi pamera tinyama ting'onoting'ono tolendewera. Amayi ake omubereka amamwa mankhwala a shuga. Kuda kotereku kumabwera thupi likayamba kusamvera insulini, yomwe imalowetsa shuga wa m'magazi m'minofu. Thupi limatulutsa insulini wochuluka kuti likwanitse ntchitoyo, ndipo wochulukayo amakulitsa khungu la m'makwinya. Nthawi zambiri khosi limada matenda a shuga asanafike.

Chofunika kwa mayiyu ndi kukayezetsa shuga m'mawa asanadye kanthu. Tinene kuti makina aonetsa 112. Munthu amatchedwa wodwala shuga muyeso wa m'mawa ukafika 126 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, ndipo pakati pa 100 ndi 125 ndi chenjezo. Pamakina ena owerenga mwa njira ina, malire omwewo a 126 amaoneka ngati 7.0. Mayiyu sanadwale, koma ali panjira. Achepetse shuga wa mu tiyi kuchoka pa masipuni anayi mpaka imodzi, aleke kudya mandasi otsala pa malonda, zakumwa zotsekemera zikhale za apo ndi apo, mitanda ya nsima ichepe ndipo masamba ndi nyemba zichuluke, aziyenda ndawala mphindi 30 masiku ambiri pa sabata. Thupi likatsika, khosi limayamba kuwala pakapita miyezi, ngakhale kuti mwina silibwerera mwakale kwathunthu. Kuda kotereku kukabuka mwadzidzidzi n'kufalikira msanga mwa munthu wachikulire amene akuwonda, ndi nkhani ina yofuna dokotala mwachangu.

Wachiwiri ndi mlamu wake wa kumudzi, wabwera mu Febuluwale. Kuda kwake kuli kutsogolo ndi m'mbali mwa khosi, kozungulira ngati mkanda, ndipo kwalekezera ndendende pomwe bulauzi imayambira. Khungulo ndi lokhakhala, losweka, losendeka ngati lopsa ndi moto, ndipo akakhala padzuwa limatentha. Kuseri kwa manja onse awiri ndi pamwamba pa mapazi palinso chimodzimodzi, koma m'khwapa mulibe kanthu. Lilime lafiira ndipo likuwawa, m'ngodya za pakamwa mwasweka, wakhala akutsegula m'mimba, ndipo abale akuti masiku ano amaiwalaiwala ndi kupsa mtima msanga. Kuyambira Disembala chakudya chake ndi nsima ndi nkhwani wopanda nsinjiro.

Awa ndi matenda a pelagira, obwera chifukwa chosowa vitamini B3, wotchedwanso nayasini. Chimanga chili naye vitaminiyu koma ndi womangika mwakuti thupi limalephera kumutenga, choncho ngakhale mgaiwa sungateteze munthu amene akudya nsima yokhayokha. Ku Mexico, komwe chimanga chidachokera, amachiphika ndi laimu kapena phulusa, zomwe zimamasula vitaminiyu, koma njira imeneyi sidabwere nacho chimanga kuno. Matendawa si achilendo m'Malawi. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo ochokera ku Mozambique adadwala pelagira m'dziko muno, mtedza utasiya kupezeka pa chakudya chomwe ankalandira. Matendawa amagwiranso amene amamwa kachasu kwambiri, ndi ena amene akumwa mankhwala a isoniyazidi, ochiza kapena oteteza chifuwa chachikulu, pomwe chakudya chikuperewera. Wotere asasiye yekha mankhwalawo, koma akaonetse khosi ndi manja kwa amene amamupatsa.

Mlamuyu mafuta odzola sangamuchiritse, ndipo matendawa akalekereredwa amasokoneza mutu mpaka kupha. Kuchipatala amapereka mapiritsi a nikotinamaidi kwa masabata atatu kapena anayi, kawirikawiri pamodzi ndi mavitamini ena a gulu la B. Kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka kumayamba kusintha pa masiku ochepa, khungu limatsatira pambuyo. Pakhomo, mtedza ulowe m'chakudya tsiku lililonse, kaya wokazinga wodzaza dzanja, nsinjiro m'ndiwo ndi m'phala, kapena chiponde. Usipa, matemba, nyemba, nandolo, mazira ndi nyama zikapezeka ziwonjezeredwe. Kufikira khungu litapola, avale malaya a manja aatali ndi mpango wophimba khosi akamapita kumunda, ndipo pomwe pasweka adzole Vaselini pang'ono akatha kusamba. Popeza onse a pakhomopo amadya mphika umodzi, yang'anani manja ndi makosi a ena, makamaka amayi oyamwitsa.

Pali mtundu wachitatu wosaopsa, wofala m'madera otentha a m'mbali mwa nyanja ndi ku Chigwa cha Shire: mawanga otuwa kapena oderako pakhosi, pachifuwa ndi pamsana, omwe mukawakanda ndi chikhadabo amatulutsa tizikopa tonga ufa. Amabwera ndi tizilombo tomwe timakhala pakhungu la aliyense, tikachuluka ndi thukuta ndi mafuta ambiri. Mafuta a kulotirimazo, odzola kawiri patsiku kwa masabata awiri mpaka anayi, amatipha. Mawangawo amatsala kwa miyezi ingapo tizilombo titafa kale, choncho musaganize kuti mankhwala alephera. Chizindikiro choti agwira ntchito ndi chakuti ufa uja sutulukanso mukakanda.

Posambitsa khosi, zala zanu zizimvanso zomwe zili pansi pa khungu. Mwanabere wotuluka ndi zilonda za kukhosi kapena dzino lowawa amapweteka ndipo amaphwa pa masabata awiri kapena atatu. Amene sakupweteka, akukulirakulira, kapena wabwera ndi kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, akayezedwe, chifukwa chifuwa chachikulu chimagwiranso anabere a m'khosi. Chotupa cha kutsogolo chomwe chimakwera ndi kutsika munthu akameza malovu ndi chithokomiro. Nachonso chikaonedwe kuchipatala, ndipo pakhomo gwiritsani ntchito mchere wa m'paketi wokhala ndi ayodini, wosungidwa m'chitini chotseka kutali ndi moto.